Ndikupita kutchuthi, wa lokamu ndimulembere chani?

Adokotala, ine ndi kilinikala ofisa pa kakiliniki kena, ndimakhala ndekha ndi manesi awiri basi. Ndikupita kutchuthi masabata awiri, abwana apeza munthu wa lokamu koma sitinaonanepo, ndiye akuti ndimusiyire imelo ya handova. Mapeshenti ndi ambiri, zotsatira zina za ku labu sizinabwere. Ndilembemo chani kwenikweni?

Achemwali, musalembe za mapeshenti onse ayi. Amene akudwala malungo lero, kapena wabwera ndi bala, wa lokamuyo amuona yekha, sukulu anapitako ngati inu nomwe. Ngakhale amene munamuona sabata yatha, akabweranso abwera ndi buku lake la kuchipatala ndipo zomwe munalemba zili momwemo. Amene akuyenera kulowa mu imeloyo ndi munthu amene nkhani yake ili mmutu mwanu mokha, oti inu mukachoka palibenso wina amene angadziwe kuti pali chinthu chikudikiridwa. Ndipo ambiri mwa anthu otere ndi aja munawatenga magazi kapena makhololo mkutumiza ku labu.

Chifukwa chake ndi ichi. Pepala la zotsatira likafika, silifika ndi peshenti. Limabwera mu envulopu ndi wa njinga yamoto uja, ngati kwanu kumafika a Riders for Health mukudziwa mmene zimakhalira, amatula, wina amasayinira, envulopu ija mkuikidwa mu dirowa. Inuyo mukakhalapo mumatsegula chifukwa pali dzina lomwe mukulidikira. Wa lokamu sakudikira dzina lililonse, ndipo panja pali mzere wa anthu. Peshenti nayenso kunyumba akuganiza kuti kukanakhala vuto akanandiyimbira, ndiye poti foni sinalire basi zili bwino. Aliyense ali phee, pepala lolembedwa kuti munthu ali ndi TB lili mu dirowa mpaka inu mudzabwere.

Ndiye poyamba pezani mndandanda weniweni, osati wa pamtima. Tengani rejista ya masampo otumizidwa, mubwerere mmbuyo miyezi iwiri, paliponse pomwe malo a zotsatira ali opanda kanthu ikani chizindikiro. Ndikuti miyezi iwiri dala, chifukwa zomwe mwatumiza sabata ino mukuzikumbukira, zomwe zimasowa ndi zija zakalekale, vayirolodi yomwe inapita mwezi watha, kanyama komwe kanadulidwa pa chotupa mkutumizidwa ku chipatala chachikulu, magazi a pa kadi a mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV aja timatenga mwana akakwana masabata 6. Zotere zimatenga nthawi moti tonse timaleka kuziwerengera masiku. Mukhale ndi nesi amene wakhalitsa pamalopo, mudutsemo limodzi, nthawi zambiri iye akuuzani kuti aa, iyi inabwera kale ili mu fayilo ina, ndipo mndandanda uchepa.

Pa munthu aliyense amene watsala, funso loti muzidzifunsa ndi limodzi: munthu amene sanamuonepo peshenti uyu, atagwira pepala la zotsatira mmanja, adziwa chochita osandiyimbira? Mahandova ambiri omwe ndimaona amagwa pomwepa. Munthu amalemba kuti bambo wakuti, makhololo anapita, chonde tsatirani. Kutsatira chani? Anapita liti, kuti, abwera liti, akapanda kubwera afunse ndani, akabwera oipa atani, bamboyo amupeza bwanji? Mawu akuti tsatirani amangosamutsa nkhawa yanu kupita kwa mnzanu popanda kumupatsa chogwirira.

Ndikudziwa imeloyo muilemba mchizungu, koma ndikuonetseni mChichewa mmene ndingalembere munthu mmodzi, tiyerekeze kuti mukuchoka Lachisanu pa 6 Juni ndipo mubwera Lolemba pa 23 Juni. Anthuwa ndi ongopeka.

"Fayilo 0412, bambo wa zaka 41, ali pa ma ARV a 13A, kulemera 52 kg. Akhala akutsokomola masabata atatu, thukuta usiku, atsika sikelo. Makhololo oyezera TB pa makina a GeneXpert tinatenga Lachitatu pa 4 Juni, anapita ku labu ya chipatala cha boma tsiku lomwelo. Ndikuyembekeza zotsatira pofika Lachiwiri pa 10. Zikapanda kufika Lachitatu mmawa imbani ku labu, nambala ili pa khoma la chipinda choyezera, ndipo akati sampo sakuiona tengani ina osadikiranso. Bambowa ndawauza abwere Lachinayi pa 12. Akapanda kubwera ayimbireni, foni ndi yawoyawo ndipo anavomera kuyimbiridwa."

Apo ndi theka chabe. Theka linalo ndi loti zikabwera mwakuti chitani chakuti, ndipo pa GeneXpert njira zake ndi zodziwika, ndiye palibe chifukwa chomusiyira mnzanu kuti aganize yekha pakati pa mzere wa anthu. Pepala likalembedwa MTB DETECTED ndi Rif Resistance NOT DETECTED, musadikire tsiku la 12, aitanidwe tsiku lomwelo, alembetsedwe ndi kuyamba mankhwala a TB molingana ndi kulemera kwawo, ndiye chifukwa chake ndalemba 52 kg ija. Ndipo apa mulembe poyera kuti bambowa ali pa 13A, choncho awonjezeredwe dolutegilaviya 50 mg wina madzulo, patapita maola 12 kuchokera pa wa mmawa amene ali kale mu 13A, chifukwa rifampisini amene ali mu mankhwala a TB amachititsa chiwindi kuchotsa dolutegilaviya msanga mthupi. Chinthu chimenechi aliyense anachiphunzira koma chimaiwalika kwambiri makamaka ngati amene akupereka mankhwala a TB si yemwe amapereka ma ARV, ndipo zotsatira zake mudzazionera pa vayirolodi patapita miyezi. Likalembedwa Rif Resistance DETECTED, kutanthauza TB yosamva rifampisini, asayambitse mankhwala wamba aja, ayimbire wa TB wa ku boma tsiku lomwelo, nambala muiike mu imelo momwemo. Likalembedwa MTB NOT DETECTED, lembani kuti inuyo mukukayikirabe TB, aunikidwenso ndipo atumizidwe kukajambulidwa pachifuwa, chifukwa kwa munthu wa HIV makhololo amatha kutuluka opanda kanthu matenda alipo. Mukapanda kulemba zimenezi mnzanuyo angowauza kuti bambo mulibe TB pitani, ndipo simungamudzudzule. Likabwera ERROR, INVALID kapena NO RESULT ndiye kuti sikunayezedwe, atenge makhololo ena.

Mwina mukuti kodi si kumunyoza mnzanga kumulembera zonsezi ngati mwana wa sukulu? Ayi. Iye mankhwala amawadziwa, chomwe sadziwa ndi zomwe inu munaona ndi kuganiza tsiku lomwe munatenga sampo. Ndinagwirapo lokamu ine, palibe tsiku ndinakwiyapo chifukwa choti andilembera momveka.

Pa zotsatira zobwera ngati nambala, pali kanthu kena komwe ndimakonda kuchita, kumuwerengeratu mnzanga malire ake. Titenge mayi wa zaka 58, kulemera 60 kg, ali ndi shuga, akumwa metifomini 500 mg kawiri pa tsiku, ali pa 13A, ndipo miyendo yayamba kutupa ndiye mwatumiza magazi a kiriyatinini. Mukangolemba kuti onani impso, pepala libwera lolembedwa 120, mnzanuyo aona kuti aa yangokwera pang'ono, mkuliika mu fayilo. Koma kwa mayi wa zaka zimenezi ndi thupi laling'ono chonchi 120 si pang'ono. Masamu ake a Cockcroft-Gault kwa munthu wamkazi ndi awa:

```
CrCl (ml/min) = (140 - zaka) x kg x 1.04 / creatinine (µmol/L)
(140 - 58) x 60 x 1.04 = 5117
5117 / 120 = 43
```

Kwa mwamuna mmalo mwa 1.04 mumaika 1.23. Ndiye 120 ija ikutanthauza kuti impso zikusefa pafupifupi 43 ml pa mphindi, pomwe tenofoviya amene ali mu 13A timayamba kumuopa zikatsika pansi pa 50, ndipo metifomini amasiyitsidwa zikatsika pansi pa 30. Poti zaka ndi kulemera mukuzidziwa kale lero, gawani 5117 ija ndi 50, mupeza 102, mugawenso ndi 30, mupeza 170. Ndiye mu imelo mungolemba kuti kiriyatinini ikakhala pansi pa 102 pitirizani zonse, ikadutsa 102 aitanidwe, abwereze kuyeza, asamwe mankhwala aululu a mtundu wa burufeni, ndipo mukambirane ndi a kiliniki ya ma ARV ku boma zosinthira ku 15A, ma ARV omwe alibe tenofoviya, ikadutsa 170 siyitsani metifomini tsiku lomwelo ndipo atumizidwe. Muwonjezere ngati mayiwa anayezedwapo matenda a chiwindi a mtundu wa B, chifukwa tenofoviya amagwiranso ntchito pa matenda amenewo ndipo kumusiya mwadzidzidzi kumatha kuwadzutsa. Komanso lembani muyezo wake, malabu ena amalemba mu mg/dL, kumeneko 102 ndi pafupifupi 1.15 ndipo 170 ndi 1.9, munthu wozolowera muyezo umodzi akaona winawo amatha kusokonezeka ali wotopa madzulo. Masamu onsewa inu akutengerani mphindi zochepa lero muli ndi fayilo patsogolo, iyeyo mwina sangawapange nkomwe.

Zina sizifuna mawu ambiri chonchi. Vayirolodi ikabwera 1000 kapena kuposa, aitanidwe kudzayamba uphungu wa kamwedwe ka mankhwala ndipo tsiku lobwereza kuyeza pakatha miyezi itatu lilembedwe, asasinthe mankhwala chifukwa cha pepala limodzi. Magazi a mwana uja akabwera oti ali ndi kachilombo, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lomwelo, mayi apezedwe, mwana atengedwenso magazi otsimikizira ndi kuyamba mankhwala osadikira otsimikizirawo, ana aang'ono otere amafooka msanga. Kanyama ka chotupa mwina sikabwera mpaka inu mudzabwere, komabe kalembeni, ndi kunena kuti peshentiyo munamuuza chani. Ngati simunamutchulirepo mawu oti khansa, mnzanuyo adziwe, asadzangowerenga pepala mokweza pamaso pa munthu amene akuganiza kuti chinali chithupsa.

Tsopano gulu lachiwiri, anthu oti aonedwenso. Apa musakopere buku lonse la madeti, la shuga ndi bipi a mwezi ndi mwezi manesi akulidziwa. Sankhani okhawo oti akapanda kubwera tsiku lawo, wina ayenera kunyamuka kukawafuna. Mwachitsanzo mayi woyembekezera wa masabata 34 amene Lachinayi bipi yake inali 145/95, mkodzo wopanda puloteni, mutu sukupweteka, munamuuza abwere Lolemba pa 9. Lembani manambala enieniwo, osati bipi inali yokwera pang'ono, chifukwa mnzanuyo akapeza 150/100 Lolemba ayenera kudziwa ngati yakwera kapena yatsika. Lembani kuti ayezedwe bipi ndi mkodzo, ndipo ikafika 160/110, kapena mu mkodzo mukapezeka puloteni, kapena akadandaula mutu, kusaona bwino, kupweteka pa chifu, atumizidwe ku boma nthawi yomweyo motsatira ndondomeko ya matenda a bipi ya pakati, ndipo munene pomwe pali maginiziyamu safeti pa kiliniki panu ngati mulinaye. Kenako chiganizo chomwe anthu ambiri amasiya: akapanda kufika pofika 10 koloko, nesi wakuti amuyimbire, foni ikapanda kupezeka auzidwe mlangizi wa zaumoyo wa dera lake. Ntchito imeneyi ipatseni dzina la munthu mmodzi. Mukalemba kuti manesi ayimbe, aliyense aganiza kuti mnzake wayimba.

Nkhani ya mafoni ndiimepo pang'ono. Nambala yomwe ili mu fayilo nthawi zambiri si ya peshenti, ndi ya mwamuna wake, ya mlamu, ya oyandikana nawo nyumba. Inu mukudziwa kuti mayi uja sanawauze amuna awo kuti amamwa ma ARV, wa lokamu sakudziwa, aimba mwaulemu bwinobwino mkunena kuti tikuyimba kuchokera ku kiliniki zotsatira za vayirolodi ya amayi zafika, basi banja lagwedezeka. Ndiye pa munthu aliyense lembani kuti foni ndi ya ndani ndipo pa foni anene chani. Kwa ena muzingoti, nenani kuti akufunika ku kiliniki, musatchule chifukwa.

Chimodzimodzinso imeloyo. Musaikemo mayina a anthu, ikani nambala ya fayilo, zaka, mwamuna kapena mkazi, zimenezi zikukwana kuti mnzanuyo asasokoneze anthu awiri. Mayina ndi mafoni zikhale pa pepala limodzi lomwe mulisiye mu kabati yokhoma ndipo mu imelo mungonena pomwe lili ndi amene akusunga kiyi. Imelo imatumizidwa kwa wina mosavuta, imatsegulidwa pa foni yobwerekana, ndipo munthu wa lokamu akachoka imakhalabe mu foni mwake. Lamulo lathu la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake, ndiye musaiponye pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito pomwe pali alonda ndi a ku kashiya omwe. Ipite kwa wa lokamu ndi nesi wamkulu, abwana ngati si a zachipatala angouzidwa kuti handova yachitika.

Kasanjidwe kake, yambani ndi zomwe zingaphe munthu sabata yoyamba, osati mmene anthuwo anabwerera kapena motsatira manambala a mafayilo. Mu chitsanzo chathu mayi woyembekezera akhale pamwamba chifukwa tsiku lake ndi Lolemba lomwelo mnzanuyo akungofika, kenako bambo wa makhololo, mwana, mayi wa impso, ndiye vayirolodi ndi kanyama pansi. Pamwamba penipeni mizere iwiri yonena kuti muli anthu angati ndipo oyamba kuwaona ndi ati, chifukwa adzawerengera pa foni mu minibasi akubwera, ndipo akaona kuti mwati anthu asanu ndi mmodzi koma akuona anayi adziwa kuti imelo yaduka. Mutu wa imelo ukhale ndi madeti, handova 9 mpaka 20 Juni, kuti aipeze msanga. Mukaona kuti yadutsa masamba awiri ndiye kuti mwalowetsamo anthu osayenera. Za makiyi, mankhwala omwe atha mu famase, tsiku lobwera wa njinga yamoto, nambala ya ambulansi ndi ya dokotala wa ku boma amene mumamufunsa zikavuta, ziikeni pansi pazokha zisasakanikirane ndi mapeshenti. Tsiku la wa njinga lija ndi lofunika ndithu, ngati amabwera Lachiwiri lokha ndiye sampo yobwereza ikaphonya Lachiwiri yataya sabata yonse.

Muitumize Lachinayi, osati Lachisanu 5 koloko mutanyamula kale chikwama. Pemphani ayankhe kuti waiwerenga, ndipo mumuyimbire mphindi khumi mudutse limodzi anthu atatu apamwamba aja, pa foni ndi pomwe mumamva kuti munthu sanamvetse, mwina mupeza kuti sanagwirepo ku kiliniki ya ma ARV ndipo 13A ndi 15A kwa iye ndi manambala chabe, ndiye mulembe mayina a mankhwalawo. Akapanda kuyankha pofika Lachisanu masana, handova sinachitike, auzeni abwana. Lachisanu madzulo muonenso rejista, zomwe zafika tsiku limenelo muzimalize nokha, ndipo mutumize kauthenga kachiwiri kakafupi konena zomwe zasintha. Kenako sindikizani kope imodzi muisiye pa tebulo la chipinda choyezera mu fayilo yotseka, magetsi ndi netiweki mukuzidziwa.

Za inuyo kuyimbiridwa muli kutchuthi, nenani zoona. Ngati mukupita kumudzi komwe foni imagwira pa chulu pokha, lembani kuti sindipezeka, funsani wakuti. Kulemba kuti ndiyimbireni nthawi iliyonse kenako foni osagwira ndi koipa kuposa kukana, chifukwa mnzanuyo ataya tsiku lonse akukuyesani mmalo mofunsa wina.

Pa kope yosindikiza ija siyani kampata pansi pa munthu aliyense, ndipo mu imelo mupemphe kuti azilembapo ndi cholembera: zotsatira zafika liti, zinali zotani, peshenti wauzidwa kapena ayi, chachitika ndi chani. Patsiku lake lomaliza, Lachisanu pa 20, akutumizireni imelo yomweyo yobweza yokhala ndi mayankho, kuphatikizapo masampo atsopano omwe iye watumiza, chifukwa nayenso akhala atatenga magazi a anthu omwe inu simunawaonepo ndipo iye sadzabweranso. Lolemba pa 23 musanaitane peshenti woyamba, tengani pepalalo ndi rejista ya masampo muziyerekeze, paliponse pomwe kampata kali kopanda kanthu muyambire pomwepo kuyimba mafoni.